VLOOKUP yadula mlimi ngongole ya mnzake: nditsimikize bwanji kuti ikupeza nambala yeniyeni?

Funso

Ndine mlembi wa kopaletivi ya alimi a soya ndi mtedza. Polipira alimi timadula ngongole ya mbewu, ndipo ngongoleyo ndimaikoka mu kaundula wa mamembala ndi fomula iyi: `=VLOOKUP(A2,Mamembala!A:C,3)`. Sabata yatha mayi wina wa nambala 1047, yemwe tinali tisanamulowetse n'komwe mu kaundula, anadulidwa K38,000, yomwe ndi ngongole ya munthu wa nambala 1046. Excel sinadandaule chilichonse. Ndingadziwe bwanji kuti fomula ikubweretsa nambala yeniyeniyo osati yoyandikana nayo? Nanga mizere ina 300 ija ndiikhulupirire?

Yankho

Alembi, musaikhulupirire kaye. Fomula yanuyo yaperewera mawu amodzi kumapeto, ndipo kuperewera kumeneko kuli mu mzere uliwonse umene munaikokeramo.

VLOOKUP imafuna kuuzidwa zinthu zinayi: chomwe mukufufuza, malo ofufuzamo, kolamu yotengamo yankho, ndi chachinayi chonena ngati mukufuna chofanana ndendende kapena mukulola choyandikira. Inu mwalemba zitatu n'kutseka. Chachinayi chikasowa Excel siikufunsani, imangotenga ngati mwalemba `TRUE`, kutanthauza kuti ikalephera kupeza nambala yanu ikupatseni ya m'munsi mwake yoyandikira kwambiri. Google Sheets ndi LibreOffice Calc nazonso zimachita chimodzimodzi. Fomula yoyenera ntchito yanu ndi iyi:

```
=VLOOKUP(A2,Mamembala!$A$2:$C$400,3,FALSE)
```

Ena amalemba `0` m'malo mwa `FALSE`, n'zofanana. Ngati kompyuta yanu ikukana mpatuliro `,` pakati pa zigawozi, monga zimachitikira pa makompyuta ambiri ochunidwa mwa ku South Africa, ikani `;` ndipo zonse zomwe ndikunena pano zikhala momwemo.

Kukonzako ndi kwa mphindi imodzi. Chovuta ndi kutsimikiza, chifukwa fomula ya `TRUE` imapereka mayankho olondola nthawi zambiri. Mukhoza kusankha alimi khumi, n'kuyerekeza ndi zomwe zili m'buku, n'kupeza kuti onse khumi ali bwinobwino, koma fomula ili yodwala. Kuti muone chifukwa chake, tiyeni titenge kaundula waufupi wa anthu asanu ndi awiri, kuyambira `A2` kukafika `C8`.

```
1012   soya     52000
1018   mtedza   15000
1025   soya     27500
1031   soya     64000
1040   mtedza   41000
1046   soya     38000
1053   mtedza   90000
```

Ikapatsidwa `FALSE`, Excel imayamba pamwamba n'kumatsika mzere ndi mzere mpaka itakumana ndi nambala yofanana, ndipo ikafika pansi osaipeza imalemba `#N/A`. Ikapatsidwa `TRUE` siiwerenga mizere yonse. Imachita momwe timapezera nyimbo m'buku la nyimbo kutchalitchi: kutsegula chapakati, kuona nambala yomwe ili pamenepo, n'kudziwa ngati tipite kutsogolo kapena tibwerere, mbali inayo osaiyang'ananso. Pofufuza 1047 m'kaundulayu, imayamba pa mzere wapakati, pomwe pali 1031. Nambalayo ndi yocheperapo, choncho imataya mizere yonse ya pamwamba n'kutsala ndi 1040, 1046 ndi 1053. Pakati pa atatuwa pali 1046, yocheperapobe, n'kupita pa 1053. Imeneyo yapitirira. Apa yatha kofufuza, ndiye imabwerera pa yomaliza imene sinapitirire, 1046, n'kutola K38,000. Kwa Excel palibe cholakwika, yachita zomwe inauzidwa.

Njirayi inapangidwira liwiro. Shiti ya Excel imakhala ndi mizere 1,048,576, ndipo pogawa pakati chonchi mizere yonseyo imatha mu masitepe pafupifupi 20. Mizere 300 yanuyo imatha mu masitepe osapitirira 9. Koma pa mizere yochepa chonchi kusiyana kwa liwiro simungakuone n'komwe, ndiye palibe chomwe mukupindula.

Mlandu wa mayi wa 1047 ndi wocheperapo pa milandu iwiri. Waukulu umabwera kaundula akakhala wosasanjidwa kuchokera pa nambala yaing'ono kupita pa yaikulu. Makaundula ambiri a m'makopaletivi amayamba osanjidwa, kenako wina amawasanja potsata midzi kapena mayina, wina n'kuwonjezera obwera mochedwa kumunsi. Tiyerekeze kuti anthu asanu ndi awiri omwe aja alembedwa momwe anafikira pa sikelo: 1031, 1053, 1012, 1046, 1018, 1040, 1025. Palibe amene akusowa, aliyense ali ndi ngongole yake pambali pake. Tsopano fufuzani 1053 ndi `TRUE`. Pakati pali 1046, yocheperapo, ndiye Excel ikutsikira kumunsi, pamene 1053 ili pamwamba pa mzere wachiwiri. Ikupeza 1040, ikutsikabe, ikupeza 1025, mizere yatha. Ikupereka ngongole ya 1025, K27,500, kwa munthu amene ali ndi ngongole ya K90,000. Kopaletivi yataya K62,500 ndipo mwini wakeyo sabwera kudzadandaula. Fufuzani 1040: pakati pali 1046, yapitirira, Excel ikukwera; 1053 yapitirira, ikukwerabe; 1031 ndi yocheperapo, ikutola imeneyo. Munthu wa K41,000 wadulidwa K64,000. Fufuzani 1018, 1012 kapena 1025, mulandira `#N/A` ngakhale manambalawo mukuwaona ndi maso anu. Pa anthu asanu ndi awiri, awiri okha, 1046 ndi 1031, ndiwo alandira zoona.

N'chifukwa chake kuyesa ndi manambala omwe alimo sikutsimikiza kanthu. Muyenera kuyesa ndi nambala yomwe mukudziwa kuti mulibe, ndipo nambalayo muisankhe mochenjera.

Pangani kope la fayilo, muziyesera pa kopelo. Mu selo `A2` ya shiti ya malipiro lembani nambala yomwe ili pakati pa manambala awiri enieni koma mwini wake palibe, monga 1047 yomweyo. Fomula yabwino iyenera kuonetsa `#N/A`. Ikaonetsa ndalama, ndiye kuti ikuyandikiza. Kenako lembani nambala yaikulu mopanda nzeru, monga 999999. Fomula yoyandikiza imathamangira kumunsi n'kukupatsani za munthu womaliza m'kaundula, ndipo ichi ndi chizindikiro chosavuta kuchizindikira: mukaona ngongole ya munthu wa pansi penipeni ikubwerezedwabwerezedwa mu shiti ya malipiro, dziwani kuti manambala atsopano onse opitirira womalizayo akuthera pa iye. Chomwe simuyenera kuchita ndi kuyesa ndi nambala yaing'ono ngati 1 kapena 5. Nambala yochepera onse a m'kaundula imabweretsa `#N/A` kaya fomula ili ndi `TRUE` kaya `FALSE`, popeza palibe ya m'munsi mwake yoti itole. Anthu ambiri amayesa chonchi, n'kuona `#N/A`, n'kutseka fayilo mtima uli m'malo.

Kuyesa kwachiwiri kumakhudza shiti yonse nthawi imodzi. Lembani papepala chiwerengero chonse cha ngongole zodulidwa. Pitani mu kaundula, sankhani mizere yonse ndi makolamu onse pamodzi, n'kuisanja mozondoka ndi `Sort Largest to Smallest`. Bwererani ku malipiro. Ngati mafomula onse akufufuza ndendende, ndipo palibe nambala yolembedwa kawiri, chiwerengerocho sichisuntha ngakhale ndi tambala imodzi, chifukwa kwa `FALSE` zilibe kanthu kuti munthu ali pamwamba kapena pansi. Chikasintha, kapena `#N/A` zikamera ponseponse, penapake patsala fomula yoyandikiza.

Zimenezi zikuuzani ngati matenda alipo. Koma inu muli ndi funso lachiwiri, la ndalama zomwe zatuluka kale, ndipo apa mukufunika kudziwa mzere weniweni uliwonse womwe unalakwika. Njira yake ndi kufunsa fomula yakaleyo kuti inatola za ndani. Ikopereni mu kolamu yopanda kanthu momwe ilili, musaikonze, ingosinthani 3 akhale 1. Kolamu yoyamba ya kaundula ndi ya manambala, ndiye fomula ibweza nambala ya munthu amene inaima pa iye:

```
=VLOOKUP(A2,Mamembala!A:C,1)
```

Pa mzere wa mayi uja muona 1046 pambali pa 1047, poyera. Kuti musamayang'ane ndi maso mizere 300, wonjezerani kuyerekeza kumapeto:

```
=VLOOKUP(A2,Mamembala!A:C,1)=A2
```

Kokerani pansi mpaka mzere womaliza. Paliponse pomwe patuluka `TRUE` ndiye kuti nambala yopezekayo ndi yomwe inafufuzidwa. Pomwe patuluka `FALSE` ndiye kuti munthu anapatsidwa za mnzake. Ikani `Filter` pa kolamuyo muone a `FALSE` okhaokha, kapena awerengeni ndi `=COUNTIF(F2:F301,FALSE)` ngati kolamu yanu ndi F. Dziwani kuti kuwerenga kumeneku sikuphatikiza mizere ya `#N/A`, imeneyo muione payokha.

Pali chinthu chimodzi chomwe chingakupusitseni apa. Yankho la fomula yoyandikiza limadalira momwe kaundula analili pa nthawiyo. Ngati pambuyo pa dandaulo munalowetsa kale 1047, kapena munasanjanso mizere, fomula yakale ipereka mayankho osiyana ndi omwe inapereka tsiku lolipira, ndipo mizere yomwe inalakwika ioneka yoyera. Choncho funani fayilo ya tsiku lomwelo, kaya pa fulashi, kaya yomwe munatumizira msungichuma pa imelo. Ikasowa, umboni wanu ndi pepala lomwe alimi anasainira. Lembani ndalama zodulidwa za papepalapo mu kolamu yakeyake ngati manambala wamba, ikani fomula ya `FALSE` pambali, n'kuchotsera china pa chinzake. Paliponse pomwe sipatuluka 0 pali munthu woti abwezeredwe kapena woti akumbutsidwe ngongole yake. Ndikubwereza kuti muyang'ane mbali zonse ziwiri. Odulidwa zambiri amadzabwera okha ku ofesi. Odulidwa zochepa muyenera kuwapeza nokha.

Mukakonza fomula ya mzere woyamba n'kuikokera pansi, onetsetsani kuti yafikadi ponseponse. Shiti yomwe yadutsa m'manja mwa alembi atatu imakhala ndi mafomula a mibadwo yosiyana, komanso maselo omwe wina analembamo nambala pamanja tsiku lina fomula itamuvuta. Pa tabu ya `Formulas` pali batani la `Show Formulas` lomwe limaonetsa mafomula m'malo mwa mayankho, ndipo mukayendetsa maso kumapeto kwa iliyonse, yosowa `FALSE` imaonekera msanga chifukwa ndi yofupikirapo. Mizere ikachuluka, lolani Excel iyang'ane yokha. Kuyambira Excel 2013 pali `FORMULATEXT`, yomwe imawerenga fomula ngati mawu:

```
=RIGHT(FORMULATEXT(D2),7)=",FALSE)"
```

Ngati fomula yanu ya ngongole ili mu `D2`, iyi ikufunsa ngati zilembo zake zisanu ndi ziwiri zomaliza zili `,FALSE)`. Selo yolembedwa pamanja ibweretsa `#N/A` popeza mulibe fomula yoti iwerengedwe, ndipo ndi momwe mungagwirire manambala obisala aja. Imagwira ntchito ngati VLOOKUP ndiyo ikutsekera fomula yonse. Ngati yakutidwa ndi zina kapena munalemba `0`, sinthani zomwe mukuyerekeza.

Poyang'ana mafomula mungakumane ndi yooneka chonchi: `=VLOOKUP(A2,Mamembala!A:C,3,)`, mpatuliro uli kumapeto koma patsogolo pake palibe kanthu. Mu Excel imeneyi imafufuza ndendende, chifukwa malo osiyidwa opanda kanthu amawerengedwa ngati 0. Ndiye mpatuliro umodzi wokha ndiwo ukusiyanitsa fomula yabwino ndi yoyipa. Ine sindiikonda. Tsiku lina munthu waukhondo adzauchotsa poganiza kuti ndi wotsalira. Lembani `FALSE` yense aone.

Ndipo si VLOOKUP yokha ya khalidwe limeneli. `HLOOKUP` ndi chimodzimodzi. `MATCH`, yomwe anthu amaiphatikiza ndi `INDEX` n'kumaitama kuti ndi yodalirika kuposa VLOOKUP, nayonso imayandikiza ngati simunaike `0` monga chinthu chachitatu. `LOOKUP` yopanda chilembo kutsogolo ilibe n'komwe malo oikapo `FALSE`, imayandikiza nthawi zonse, choncho mukaipeza pa manambala a anthu ingoichotsani. Yosiyana ndi zinzake ndi `XLOOKUP`, imene imafufuza ndendende ngakhale musanene:

```
=XLOOKUP(A2,Mamembala!$A$2:$A$400,Mamembala!$C$2:$C$400)
```

Koma imapezeka mu Excel 2021 ndi Microsoft 365 kupita m'tsogolo, mu Excel 2016 ndi 2019 mulibe. Ngati fayilo yanu imatsegulidwanso pa kompyuta yakale ya wapampando, khalani pa VLOOKUP ndi `FALSE`.

Tsopano chomwe chikudikirani mukaika `FALSE`. Mwina muona `#N/A` zambiri kuposa momwe mumayembekezera, ena mwa iwo pa anthu omwe mukudziwa kuti ali mu kaundula. Pamenepa ndi pomwe alembi ambiri amabwerera m'mbuyo, n'kuchotsa `FALSE` kuti shiti ioneke yoyera. Musatero. `#N/A` iliyonse ili ndi chifukwa chake, ndipo zifukwa zake ndi zochepa.

Chofala kwambiri ndi chakuti mbali imodzi nambala yasungidwa ngati nambala, mbali inayo ngati mawu. Kwa ife 1031 ndi 1031 basi. Kwa Excel, 1031 yowerengera ndi 1031 yolembedwa ngati mawu ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo VLOOKUP siizifananitsa. Zimachitika kawirikawiri kaundula akachokera ku pulogalamu ina kapena ku fomu yodzazidwa pa foni. Zizindikiro zake: nambala yosungidwa ngati mawu imakhalira kumanzere kwa selo pamene yeniyeni imakhalira kumanja, ndipo nthawi zambiri pangodya pake pamakhala kachizindikiro kobiriwira. Koma maso amanama ngati wina anasintha kakhalidwe ka maselo, ndiye funsani mwachindunji ndi `=ISNUMBER(A2)` mbali ino ndi `=ISNUMBER(Mamembala!A5)` mbali inayo. Mayankho akasiyana, mwagwira. Kungosintha mtundu wa selo kuchoka pa `Text` kupita pa `Number` sikukwanira, zomwe zinalembedwa kale zimakhalabe mawu. Sankhani kolamu yonse, pitani pa `Data`, kenako `Text to Columns`, n'kudina `Finish`. Maselo akakhala pa `General` kapena `Number`, izi zimawasandutsa manambala enieni nthawi imodzi.

Musanatero, onani ngati manambala anu amayamba ndi ziro. Membala wa 0047 akasandulika nambala amakhala 47. Manambala a foni nawonso, omwe kuno amayamba ndi 088 kapena 099, amataya ziro woyambayo. Pa zinthu zotere ndi bwino mbali zonse ziwiri zikhale mawu. Lamulo lake ndi lakuti mtundu ukhale umodzi uku ndi uko, mwasankha uti zilibe kanthu kwenikweni.

Chachiwiri ndi mpata wosaoneka kumapeto kwa nambala kapena dzina. `=LEN(A2)` imawerenga zilembo. Ikakupatsani 5 pa nambala ya madijiti anayi, pali mpata wobisala. `TRIM` imachotsa mipata wamba, koma zinthu zokopedwa pa intaneti zimabwera ndi mpata wa mtundu wina womwe `TRIM` siiugwira, ndipo umenewo umachoka ndi `=SUBSTITUTE(A2,CHAR(160),"")`. Kumbukirani kuti zotuluka mu mafomula awiriwa ndi mawu, ndiye ngati mbali inayo ndi manambala muzikute ndi `VALUE`.

Chachitatu ndi malo ofufuzamo kutsetsereka. Mukalemba `A2:C400` popanda zizindikiro za `$` n'kukokera pansi, pa mzere wachitatu imakhala `A3:C401`, pa mzere wa 200 imayambira pa `A200`, ndipo anthu onse a pamwamba atuluka m'malo ofufuzidwa. Mudzazindikira poona kuti kumtunda kwa shiti zili bwino koma `#N/A` zikuchulukira mukamatsika. Fomula yanu ya `A:C` ilibe vutoli potsika, koma ngati mutenga yanga, musasiye `$`, ndipo muonetsetse kuti 400 ikupitirira mzere womaliza wa kaundula wanu.

Zikachoka zitatuzi, `#N/A` zotsala ndi zoona: munthuyo mulibe mu kaundula, monga mayi wa 1047. Izi ndi zomwe mumafuna kudziwa musanalipire. Ndiye chonde musazikwirire ndi `IFERROR(...,0)` monga ambiri amachitira. Ziro mu kolamu ya ngongole akunena kuti munthuyu alibe ngongole, pomwe choona n'chakuti sitinamupeze. Mlembi akalakwitsa dijiti imodzi polemba nambala ya munthu wa K90,000, shiti idzamulipira zonse osadula kanthu, mwakachetechete ngati momwe inachitira `TRUE`. Komanso `IFERROR` imameza zolakwika za mitundu yonse, ngakhale `#REF!` yosonyeza kuti kolamu yafufutidwa. Ngati `#N/A` ikukunyansani m'maso, ikani mawu oti munthu awerenge:

```
=IFNA(VLOOKUP(A2,Mamembala!$A$2:$C$400,3,FALSE),"MULIBE")
```

Kolamu yochotsera ngongole pa malipiro ikakumana ndi mawu akuti MULIBE idzaonetsa `#VALUE!` pa mzere umenewo. Zisiyeni choncho. Mzere wopanda ndalama yolipira umakakamiza munthu kudzuka kukayang'ana m'buku.

Ndisakunamizeni kuti `FALSE` ndi mapeto a nkhani. Imatsimikiza kuti nambala yopezeka ikufanana ndi yofufuzidwa, koma siitsimikiza kuti nambalayo ndi ya munthu mmodzi. Ngati 1031 inalembedwa kawiri, mwina chifukwa anatenga mbewu maulendo awiri, mwina chifukwa nambala ya amene anasiya inapatsidwa kwa watsopano, VLOOKUP imatola yoyamba kuchokera pamwamba n'kusiya inayo osanena kanthu. Ngakhale kuyesa kwathu kosintha 3 kukhala 1 kudzati `TRUE`, popeza nambala ikufananadi. Chogwira vutoli ndi kuwerenga:

```
=COUNTIF(Mamembala!$A$2:$A$400,A2)
```

Yankho loyenera ndi 1 pa mzere uliwonse. Likakhala 0, munthuyo mulibe. Likakhala 2 kapena kupitirira, pali kubwereza, ndipo muyenera kusankha: ngati ndi ngongole ziwiri za munthu mmodzi, chida chake ndi `SUMIF` yomwe imaphatikiza zonse, osati VLOOKUP, ngati ndi anthu awiri pa nambala imodzi, konzani kaundula. Kolamu imeneyi ili ndi phindu linanso. `COUNTIF` siisiyanitsa nambala yeniyeni ndi yolembedwa ngati mawu, choncho mzere womwe `COUNTIF` ikuti 1 koma VLOOKUP ikuti `#N/A` ukukuuzani wokha kuti vuto ndi mtundu wa nambala uja. Ineyo kolamu ya `COUNTIF` ndimaisiya mu shiti mpaka kalekale, pafupi ndi ya ngongole, osati yongoyesera n'kuifufuta.

Kufufuza ndi mayina m'malo mwa manambala kumachulukitsa vuto lomweli, popeza m'mudzi umodzi anthu a dzina limodzi sasowa. Komanso `FALSE` siisiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono, ndipo mu Excel chomwe mukufufuza chikakhala mawu okhala ndi `*` kapena `?`, zizindikirozo zimatengedwa ngati zoimira chilembo chilichonse. Khodi ngati `SB*2` ikhoza kutola `SB102` ngati ndiyo ili pamwamba. Pa manambala anu a madijiti anayi izi sizikukukhudzani, koma zidzakukhudzani tsiku lomwe mudzayambe kufufuza makhodi a katundu m'nyumba yosungira. Chimodzimodzi manambala aatali kwambiri: Excel imasunga madijiti 15 okha a nambala, otsalawo imawasandutsa maziro, ndiye manambala awiri a madijiti 20, onga a mayunitsi a magetsi, osiyana kumapeto kokha amasanduka ofanana. Otere alembedwe ngati mawu kuyambira polowetsa, ndipo pa iwo `COUNTIF` musaidalire chifukwa nayo imangoona 15 oyambawo.

Mungafunse kuti nanga `TRUE` ilipo chifukwa chiyani. Ili ndi ntchito yake, pomwe mukufufuza gawo lomwe chinthu chagwera osati chinthu chenichenicho. Tinene kuti kopaletivi yanu ikufuna kupereka bonasi potsata makilo: kuyambira 0 palibe, kuyambira 500 mlingo wina, kuyambira 1,000 mlingo wokwererapo. Mlimi wa makilo 730 sangapezeke ndendende pa tebulo la mizere itatu limeneli, ndipo kutola 500, ya m'munsi yoyandikira, ndiye yankho lolondola. Misonkho ya pa malipiro ndi magiredi a kusukulu zimawerengedwa chonchi. Tebulo lotere liyambe ndi nambala yaing'ono kupita ku yaikulu, mzere uliwonse ukhale ndi poyambira pa gawo osati pothera, ndipo liyesedwe m'malire: 499, 500, 999, 1,000. Samalani ndi 499.6 yomwe selo ikuionetsa ngati 500 chifukwa chobisa madesimo. Fomula imaona 499.6 n'kumuika m'gawo la pansi. Ndipo lembani `TRUE` yonse, kuti wobwera pambuyo panu adziwe kuti munachita dala.

Nambala ya membala si mlingo ngati makilo. Munthu wa 1047 sali pafupi ndi wa 1046 mwa njira iliyonse yokhudza ndalama, anangotsatana pa mzere tsiku lolembetsa. Choncho mu fayilo yanu yonse, paliponse pomwe chofufuzidwa ndi nambala ya munthu, ya risiti, ya foni kapena ya thumba, tsegulani `Find` ndi `Ctrl+F`, sankhani `Within: Workbook` ndi `Look in: Formulas`, fufuzani `LOOKUP(` kenako `MATCH(`, n'kudina `Find All`. Mndandanda wotulukawo umaonetsa fomula ya selo iliyonse, kuphatikiza za m'mashiti omwe simuwatsegula kawirikawiri, monga ya magawo ndi ya malipiro a chaka chatha. Ngati fomula yosowa `FALSE` ija inakopedwa kuchoka kumeneko, malipiro a chaka chathawo nawonso akufunika kolamu yosintha 3 kukhala 1.